Kusankha katundu wotumiza kumudzi kuchokera ku Joni

Disembala ikamayandikira foni siikhala chete. Achemwali akufuna mafuta ophikira, mng'ono wanu akufuna foni, amalume atumiza mawu oti simenti yakwera, ndipo amayi, amene mukuwaganizira koposa onse, angoti, "Chilichonse chimene mungapeze, mwanangu." Ndalama zimene muli nazo ndi zomwezo zimene mwasunga mutalipira lendi, ndipo sizingakwanire zonse. Ndiye mugule chiti, musiye chiti?

Ndakhala ndikutumiza katundu kwathu ku Balaka kuchokera kuno ku Joni kwa zaka zingapo. Chimene ndaona n'chakuti ambirife timasankha poyang'ana mtengo wa m'sitolo ya kuno basi. Tikaona chinthu chatchipa timatola. Koma mtengo weniweni wa katundu ndi umene wafika nawo pakhomo pa amayi atayenda makilomita oposa 1,700, ndipo phindu lake limaoneka ngati chinthucho chikugwirabe ntchito pakatha chaka. Malangizo ali m'munsiwa ndi njira imene ndimatsata ndisanatulutse randi ngakhale imodzi.

Choyamba: funsani mwini wake, ndipo funsani bwino

Mukafunsa munthu wamkulu kuti, "Ndikugulireni chiyani?" sakuuzani. Amaopa kukulemetsani. Wachinyamata naye akuuzani chimene waona kwa mnzake, osati chimene chikusowa pakhomo. Choncho sinthani funso. Ine ndimafunsa zinthu zitatu: n'chiyani chawonongeka chimene simunathe kukonzetsa, n'chiyani chimene mumabwereka kwa anzanu kawirikawiri, ndipo n'chiyani chimene munakafuna ku boma koma osachipeza kapena munabwerera chifukwa cha mtengo.

Tsiku lina nditafunsa chonchi amayi anayamba ndi kukana. "Iyayi, zonse zili bwino." Ndinapitiriza: "Nanga Baibulo mukuwerenga, amayi?" Anakhala kaye chete, kenako anati, "Masiku ano amandiwerengera mdzukulu wangayu. Zilembo zikuchepa. Ngakhale ulusi pa singano amandilowetsera ndi iyeyu." Pomwepo ndinadziwa kuti magalasi owerengera ndiwo oyamba pa mndandanda. Kucheza komweko kunatulutsanso zina ziwiri: amayenda ulendo wautali kupita kuchipatala kukangoyezetsa BP, ndipo foni yawo amakatchajitsa pa msika molipira. Pa zinthu zitatuzi panalibe n'chimodzi chomwe chimene akananena ndikanangofunsa kuti akufuna chiyani.

Lembani zonse zimene mwamva, pamodzi ndi zopempha za ena. Musakane chilichonse panopa. Kusefa kubwera kutsogoloku.

Chachiwiri: pezani mtengo wa lero wa kumudzi

Mitengo imene mumaikumbukira ndi ya chaka chimene munachoka. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Kuyambira pamenepo katundu wochokera kunja wakhala akusintha mtengo pafupipafupi. Komanso zinthu zina zimene kale zinali zosowa, monga tinyale ta sola, matchaja ndi mafoni a mabatani, tsopano zadzaza m'misika ya m'maboma. Musaganizire, funsani.

Tumani munthu mmodzi wodalirika apite pa boma kapena pa msika waukulu wapafupi. Afunse m'masitolo awiri kapena atatu, ajambule chinthucho dzina lake likuoneka, akutumizireni pa WhatsApp pamodzi ndi mtengo. Chithunzicho n'chofunika chifukwa mayina amanyenga. Bulangete lopyapyala la pa msika ndi bulangete lolemera la magawo awiri onse amatchedwa bulangete, koma si chinthu chimodzi. Mupatseni munthuyo ya minibasi ndi ya mayunitsi, wakugwirirani ntchito.

Mukalandira mitengoyo, isinthireni ku randi pogwiritsa ntchito mtengo umene akukupatsani tsiku limenelo kumene mumatumizira ndalama, kaya ndi Mukuru kaya kwina. Mukatero mukhala mukufanizira randi ndi randi.

Pano pali chosefera chachangu. Zinthu zimene zimalimidwa kapena kupangidwa ku Malawi komweko sizifunika kukwera galimoto ku Joni. Shuga amapangidwa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, tiyi ndi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, mpunga wa Kilombero kuno sitingaupeze n'komwe wofanana nawo. Simenti, malata ndi feteleza ndi zolemera, ndipo zimagulitsidwa pafupi ndi kwanu. Za mtundu umenewu tumizani ndalama, wogulayo akutumizireni chithunzi cha lisiti.

Chachitatu: werengani mtengo wofikira pakhomo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa chinthu chilichonse chimene chatsala pa mndandanda, phatikizani zinayi: mtengo wogulira kuno, gawo lake pa ndalama ya transipota, msonkho ngati ulipo, ndi ndalama yochokera pamene galimoto itsitsire kukafika pakhomo. Chomalizachi ambiri amachiiwala. Transipota akatsitsira pa Balaka kapena pa Liwonde, wina ayenera kupita kukatenga, ndipo katundu wamkulu amafuna kabaza iwiri kapena galimoto yahayala.

Tiyeni tifanizire ndi zinthu ziwiri. Manambalawa ndi ofanizira, inu muikepo a tsiku limene mukugula.

Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20, tinene mwachipeza pa R650. Chimalemera pafupifupi makilogalamu 19 ndipo chimadya malo m'ngolo, ndiye transipota akuti R300. Kabaza ya kumudzi ikufanana ndi R30. Zonse pamodzi R980. Mchemwali wanu wafunsa pa boma, chigubu chomwecho chikufanana ndi R1,050. Mwapulumutsa R70 yokha, koma mwasenza chiopsezo choti chigubu chingaphulike kapena kudontha, ndipo mafutawo afika pakatha sabata kapena iwiri pamene ndalama ikanafika lero. Apa tumizani ndalama. Tsiku limene mafuta asowa kumudzi n'kukwera kawiri, masamu omwewa akuuzani kuti tsopano gulani kuno. N'chifukwa chake sindinena kuti mafuta asamatumizidwe. Ndikunena kuti muziwerenga ulendo uliwonse.

Tsopano makina oyezera BP, tinene R600. Amalemera osakwana theka la kilogalamu ndipo amalowa pakati pa zovala m'chikwama chimene mwalipira kale, gawo lake tingati R40. Zonse R640. Pa boma palibe amene akugulitsa. Kuti apezeke munthu akwere minibasi kupita ku mafamase a ku Blantyre kapena ku Lilongwe, akagule pa mtengo wofanana ndi R1,100, kuwonjezerapo ulendo wopita ndi wobwera. Ichi ndiye choyenera kukwera galimoto.

Mukachita masamuwa pa zinthu zisanu kapena zisanu n'chimodzi muona okha kuti zopambana zimakhala zazing'ono, zopepuka, zamtengo, zimene kumudzi kulibe kapena ziliko koma zosalimba. Zolemera ndi zamadzimadzi zimagonja kawirikawiri. Ine ndinadziikira malire: ngati ndikupulumutsa zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa kumudzi, sinditumiza katunduyo, pokhapokha ngati wa kuno ali wolimba moonekeratu.

Mabulangete ali pakati. Ndi aakulu, koma sasweka, sadontha, ndipo amateteza katundu wina m'chikwama. Gulani nyengo yozizira ikamatha kuno, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene masitolo amatsitsa mitengo, musunge mpaka tsiku lotumiza.

Chachinayi: kodi chinthucho chikakhala ndi moyo kumeneko?

Chaka changa choyamba ndinatumiza ketulo yamagetsi ndi ayironi kwa amayi. Ndinkafuna kuti apume kukoleza mbaula m'mawa. Nditapita kumudzi patatha zaka ziwiri ndinapeza ketuloyo ili pamwamba pa kabati, m'katoni yake, itafundidwa kansalu koluka kuti isachite fumbi. Pakhomopo magetsi a ESCOM anali asanafike. Amayi sanadandaulepo, anangoti, "Tikusunga, magetsi akadzabwera." Ndalama imeneyo ikanawagulira nyale zimene akanagwiritsa ntchito usiku uliwonse wa zaka ziwirizo, ndipo zimandipwetekabe ndikakumbukira.

Choncho pa chinthu chilichonse chamagetsi funsani kuti pakhomopo pali magetsi otani. Ngati a ESCOM alipo, mphamvu yake ndi yofanana ndi ya kuno, mavoti 230, ndiye chipangizo cha ku Joni chigwira ntchito. Chosiyana ndi pulagi. Kuno mapulagi ndi a mano atatu obulungira, kwathu masokete ndi a mano atatu a makona anayi, monga a ku Britain. Pa zinthu zodya magetsi ambiri monga ketulo, ayironi ndi hotipuleti, musadalire tiadaputa totchipa. Timatentha n'kusungunuka, ndipo chizindikiro chake ndi fungo la pulasitiki ndi kuda m'mbali mwa mabowo. Njira yabwino ndi kudula pulagi ya kuno n'kuikapo ya kwathu ya fyuzi ya maampu 13. Mitundu ya mawaya ndi yofanana: wabulawuni ndiye wamoto, wabuluu ndi wobwerera, wobiriwira wosakanikirana ndi chikasu ndi wapansi. Wodziwa zamagetsi aliyense achita zimenezi m'mphindi zochepa. Matchaja a foni a mano awiri ndiwo angagwiritse ntchito adaputa, ndipo muiike m'katoni momwemo kuti ana asamatokose sokete ndi cholembera.

Funso lina ndi lakuti chikawonongeka adzakonza ndani, ndipo chimadya chiyani. Pali zinthu zimene zimafa chikangotha chimene zimadya. Makina oyezera shuga ndi chitsanzo chabwino: mtundu uliwonse uli ndi timapepala take toyezera, ndipo ta mtundu wina sitilowa. Mukatumiza makina amene timapepala take sitipezeka ku Malawi, akatha makumi asanu amene munaikamo, makinawo asanduka chidole. Funsani kaye ku famase ya kwanu mtundu umene amagulitsa timapepala take, mugule makina a mtundu umenewo. Chimodzimodzi pulinta ndi inki yake, tochi ya mabatire achilendo, makina osokera amene singano ndi bobini zake sizipezeka pa msika. Sankhani mtundu umene amisiri a kwanu anauzolowera, ngakhale utaoneka wachikale.

Foni ili ndi misampha yakeyake. Mafoni ena otchipa a kuno amakhala okhomedwa kuti azigwira netiweki imodzi yokha, ndipo akafika kumudzi amakana simu khadi ya TNM kapena Airtel. Musanachoke m'sitolo lowetsanimo simu khadi ya netiweki ina muone ngati ikugwira. Imbani `*#06#` kuti nambala ya IMEI ioneke, muifanizire ndi ya pa katoni. Sankhani ya masimu khadi awiri, chifukwa m'midzi yambiri netiweki imodzi imagwira pabwalo, ina kuseri kwa nyumba, ndipo anthu amakhala ndi Mpamba komanso Airtel Money. Batire likhale lalikulu, la 5000 mAh, popeza kutchaja si kwa tsiku lililonse. Ngati mukutumiza foni yanu yakale, chotsanimo akaunti yanu ya Google musanaifufute. Mukaiwala, ikayatsidwa kumudzi idzafuna pasiwedi yanu ndipo mng'ono wanu adzathera ndalama kwa okonza mafoni. Ikanimo kava, galasi loteteza ndi chingwe chachiwiri chotchajira. Zitatuzi n'zotchipa koma ndizo zimatalikitsa moyo wa foni.

Nkhani ya sola payokha

Sola ndiyo imapemphedwa kwambiri, ndipo ndi imene anthu amatayirapo ndalama kwambiri, choncho ndichedwepo pang'ono. Musayambe ndi funso lakuti panelo ikhale yaikulu bwanji. Yambani ndi zimene zizigwiritsidwa ntchito usiku uliwonse.

Kwa amayi ndinawerenga chonchi, kuchulukitsa mawati ndi maola kuti ndipeze mphamvu yofunika pa tsiku. Mababu anayi a LED a mawati 5, kuyaka maola asanu: 4 kuchulukitsa ndi 5 kuchulukitsanso ndi 5, zikupereka 100. Kutchaja mafoni atatu, iliyonse pafupifupi 15, zikupereka 45. Wailesi yakanema yaing'ono ya mavoti 12 yodya mawati 30, kuonera maola atatu, 90. Zonse pamodzi 235 pa tsiku.

Panelo ya mawati 100 pa dzuwa lamphamvu la maola asanu ingapereke 500 pa pepala, koma fumbi, kutentha ndi mawaya zimadyapo, ndiye yembekezerani pafupifupi 350. Yakwanira, ndipo yatsalako ya masiku a mitambo. Batire la mavoti 12 la 50 Ah limasunga 12 kuchulukitsa ndi 50, ndiye 600, koma batire la mtovu silifuna kukhuthulidwa kupitirira theka, ndiye lanu ndi 300. Nalonso lakwanira. Pakati pa panelo ndi batire pafunika kontirola, kachipangizo koteteza batire kuti lisadzaze kapena kukhuthulidwa mopitirira muyeso, ndipo ya maampu 10 ndi yokwanira chifukwa panelo yotere imatulutsa pakati pa maampu 5 ndi 6. Anthu ambiri kumudzi amalumikiza panelo ku batire mwachindunji popanda kontirola. Batirelo limawira masana, usiku n'kukhuthulidwa mpaka kutheratu, ndipo pakangopita miyezi yochepa lafa. Mudzadziwa kuti layamba kufa mababu akamazima msanga chikhalirecho dzuwa linawala tsiku lonse.

Tsopano onani chifukwa chake ketulo ija singalowe pano. Imadya mawati pafupifupi 2,000, kuposa panelo yonse maulendo 20. Ayironi ndi hotipuleti chimodzimodzi. Auzeni abale zimenezi momveka katunduyo asanafike, chifukwa wina adzagula inveta yaing'ono n'kuyesa.

Nanga pa zida zonsezi, chiti chichokere ku Joni? Kontirola yabwino, mababu a mavoti 12, mafyuzi ndi waya wa kopa weniweni ndi zazing'ono ndipo kuno mumatha kusankha zolimba. Zimenezo tumizani. Batire la 50 Ah limalemera pafupifupi makilogalamu 15, lina limatha kutayikira asidi, ndipo likakafika lakufa simungalibweze. Ligulidwe kumudzi, kumene wogulitsa angaliyeze pamaso pa wogula. Likhale lopangidwira sola, osati la galimoto, chifukwa la galimoto linapangidwa kuti lizipereka mphamvu yambiri kwa kamphindi polizitsa injini, osati kukhuthulidwa pang'onopang'ono usiku wonse. Panelo ndi galasi. Ngati mtengo wa kumudzi sukusiyana kwambiri, igulidwenso konko. Ngati mwasankha kuitumiza, isiyeni m'katoni yake, muimange pakati pa mabulangete, ndipo muone ndi maso anu kuti yaimikidwa chambali, osati kugonekedwa pansi pa katundu wina.

Chachisanu: saizi ndi za thanzi

Nsapato za sukulu zachikopa ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapindulitsa kutumiza, chifukwa zolimba kumudzi n'zodula ndipo zotchipa sizimaliza temu ya mvula. Koma musadalire nambala imene akuuzani. Wina akuuzani 38 ya pa nsapato ya kaunjika, pamene kuno masitolo amalemba 5 kapena 6. Auzeni aimike mwanayo pa pepala, alembe pa chidendene ndi pa chala chachitali, ayeze ndi rula ya kusukulu, akuuzeni masentimita. Pitani ndi rula yanu m'sitolo muyeze m'kati mwa nsapato, muwonjezere sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka popeza mwana akukula.

Magalasi owerengera amagulitsidwa m'mafamase popanda kalata ya dokotala, ndipo amalembedwa mphamvu kuyambira +1.00 mpaka cha m'ma +3.50. Munthu wa zaka za m'ma 45 nthawi zambiri amayambira pa +1.00 kapena +1.50, wa zaka 60 kupita m'tsogolo amafuna cha pa +2.50. Popeza ndi otchipa, tumizani awiri a mphamvu zoyandikana kuti asankhe amene akuona nawo bwino, enawo apatse mnzawo. Amathandiza kuona zapafupi zokha. Ngati munthu akuona ngati chifunga ngakhale patali, apite kuchipatala cha maso, mwina ndi ng'ala.

Makina a BP akhale omanga pa mkono pamwamba pa chigongono, ogwiritsa ntchito mabatire wamba a AA amene ali pa golosale iliyonse. Lamba wake wanthawi zonse amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32. Ngati mkono ndi wokulirapo gulani lamba wamkulu, chifukwa wothina amapereka manambala okwera kuposa enieni. Ayeze mkono ndi chingwe musanagule. Ikanimo kope laling'ono loti azilembamo tsiku ndi manambala, akapite nalo kuchipatala.

Mankhwala enieni a BP, shuga kapena maantibayotiki musamagulire munthu potengera zimene wakuuzani pa foni. Ngati kuchipatala kwasowa mankhwala amene dokotala anawalembera, tumizani ndalama akagule ku famase ndi buku lawo la kuchipatala.

Chachisanu n'chimodzi: msewu ndi zipata

Katundu wa ku Blantyre amadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako Zobue n'kulowa pa Mwanza. Wa ku chigawo chapakati ena amadzera pa Dedza. Basi imatenga pafupifupi masiku awiri, koma galimoto ya transipota yokoka ngolo imatha kupitirira pamenepo, makamaka mu Disembala pamene mizere pa Beitbridge imatalika. Chikwama chanu chiponyedwa, chikhalidwa, chipsa ndi dzuwa la ku Tete, mwinanso chinyowa ndi mvula. Chinthu chilichonse chimene sichingapirire zimenezo chichotseni: chokoleti, majarini, mbale zagalasi zosakulungidwa, zonunkhiritsa za m'mabotolo osatseka bwino.

Ndinaphunzira izi ulendo wina pamene botolo la mafuta odzola linatseguka m'chikwama momwe munali mayunifolomu atsopano. Transipotayo sanalakwe kanthu, katundu ndinalongedza ndine. Kuyambira pamenepo chilichonse chamadzimadzi ndimachimata tepi pa chitsekero, n'kuchiika m'majumbo awiri, kenako m'chidebe chapulasitiki chokhala ndi chivindikiro. Chidebecho nachonso chimakagwira ntchito pakhomo. Sopo asayandikane ndi chakudya, fungo lake limalowa mpaka m'paketi yotseka. M'kati mwa chikwama chachikulu muyale pulasitiki yolimba musanaike zovala.

Pali zina zimene sizifunika n'komwe kuziganizira: silinda ya gasi, parafini ndi zina zoyaka. Nyama, mbewu ndi mbande zimafuna chilolezo cha boma podutsa malire, ndipo mbewu ya chimanga yoyenera nyengo ya kwanu imagulitsidwa kwanu komweko.

Pa chipata a MRA amawerengera msonkho potengera mtengo wa katundu, choncho sungani malisiti. Jambulani lililonse, lenilenilo mupatse transipota. Popanda lisiti katundu amayerekezeredwa mtengo, ndipo ukhoza kuposa umene munagulira. Zinthu zambiri zofanana, monga mafoni khumi kapena nsapato makatoni awiri, zimaoneka ngati za malonda ngakhale zili za mphatso. Musanapereke katundu gwirizanani ndi transipota momveka bwino: kodi ndalama imene watchula ikuphatikiza msonkho, atsitsira pati, ndipo katundu akasowa kapena kusweka zikhala bwanji. Zimene mwagwirizanazo zilembedwe pa WhatsApp kuti pasadzakhale kukanirana. Sankhani transipota amene anthu akwanu amutumapo kale kangapo. Zing'onozing'ono zamtengo monga foni ndi bwino kupatsira munthu wodziwika amene akupita yekha pa basi.

Chomaliza: lembani mayina, kenako tsekani chikwama

Katundu wosalembedwa dzina amayambanitsa abale. Chinthu chilichonse chikhale m'jumbo lake, dzina la mwini wake litalembedwa ndi maka pa tepi. Lembani mndandanda wa zonse pa pepala, limodzi liikidwe pamwamba m'kati mwa chikwama, lina mulijambule n'kutumiza kwa wolandira komanso kwa munthu wachiwiri wa m'banjamo. Kunja kwa chikwama lembani dzina la wolandira, boma, malo otsitsira ndi manambala awiri a foni, mbali ziwiri, chifukwa tepi imodzi imatha kumatuka.

Chaka chimene ndinayamba kutsata njirayi ndinali ndi R4,000. M'chikwama munalowa makina a BP, magalasi awiri, nsapato za sukulu za ana awiri, kontirola, mababu anayi ndi waya, komanso bulangete limodzi lolemera limene linakulunga zonsezo. Katunduyo anadya pafupifupi R1,900, transipota R500. Zotsalazo ndinatumiza ndalama: zina zoyambira kugula batire, zina za mafuta ophikira ndi shuga wa Khirisimasi. Panelo tinagwirizana kuti idikire mwezi wotsatira. Foni ya mng'ono wanga sinalowe, ndipo ndinamuimbira ndekha kumuuza chifukwa chake katundu asananyamuke, kuti asakafufuze m'chikwama n'kukhumudwa pamaso pa anthu. Simenti ya amalume ndinawauza kuti tidzakambirana mvula ikatha, popeza yosungidwa m'nyumba yachinyezi imauma isanagwire ntchito.

Katundu akafika, wolandira atsegule transipota kapena womuimira ali pomwepo, awerenge mogwirizana ndi mndandanda, ajambule chilichonse chosweka nthawi yomweyo. Pakatha mwezi imbaninso mufunse chinthu chimodzichimodzi: magalasi ati akuona nawo bwino, nsapato zikuthina kapena ayi, mababu akuyaka mpaka nthawi yanji. Mayankhowo alembeni m'kope lomwe munalembamo mitengo, mudzayambire pamenepo ulendo wotsatira.